Maminitsi ochokera m'mavoisi a apampando

Tsiku limene komiti yathu ya mjigo inakumana, ine ndinali kumaliro, wachiwiri wanga ali kuchipatala ndi mwana. Palibe amene anagwira cholembera. Patapita masiku awiri, apampando ananditumizira mavoisi asanu pa WhatsApp, amvekere, "Alembi, mupangepo maminitsi."

Ulendo woyamba ndinangomvetsera onse osalemba kanthu. Ulendo wachiwiri ndinatenga kope, ndikuimitsaimitsa, n'kumalemba mawu awo monga anawayankhulira, pambali pake nambala ya voisi ndi mphindi yake, monga voisi 3, 1:40. Zimenezi zinandithandiza pobwerera pamalo okayikitsa. Liwiro la `1.5x` ndinalisiya, chifukwa limameza manambala.

Ntchito yeniyeni inali yosefa. Munthu akamafotokoza msonkhano umene anautsogolera yekha, zimene anthu anagwirizana ndi zimene iye ankafuna zimatulukira pamodzi. Pena apampando ankati "tinagwirizana", pena "ine ndinawauza kuti", penanso "zikuoneka kuti anthu anamva". Ndinadula tsamba pakati. Kumanzere ndinaika za "tinagwirizana" zokha, zina zonse kumanja. Nkhani yoti mjigo uzikiyidwa dzuwa likalowa inagwera kumanja. Nditafunsa mayi wina amene analipo, anati inakambidwadi koma amayi anaikana, ndipo anaisiyira msonkhano wotsatira. Ndikanailemba ngati chigamulo, bwenzi anthu atapeza loko pamjigo, umboni wake uli m'buku langa.

Ndalama nazo zinandiimitsa mutu. Mu voisi yachinayi munali tambala akulira chapafupi, ndipo sindinathe kusiyanitsa ngati amakaniki alipidwe "fifitini" kapena "fifite sauzande". Sindinafunse apampando, ndinapita kwa asungichuma. M'buku mwawo munali K15,000 ya ntchito yosintha marabala, yosainidwa kale.

Mawu ngati "mawa" ndi "Loweruka likudzali" ndinawasandutsa madeti, nditafunsa kaye ngati ankawerengera tsiku la msonkhano kapena tsiku lojambula voisi. Mayina a opezekapo, opepesa, woyambitsa mfundo ndi woivomereza munalibe m'mavoisi. Ndinawatolera kwa mamembala awiri, aliyense payekha. Pamfundo imodzi anasiyana, ndiye ndinasiya mpata m'malo mosankha dzina.

Pamwamba pa tsamba ndinalemba poyera kuti mlembi sanapezeke, ndipo maminitsiwa alembedwa kuchokera m'mavoisi a wapampando, buku la msungichuma ndi umboni wa mamembala awiri. Mavoisiwo sindinawafufute mpaka msonkhano wotsatira. Kumeneko ndinawerenga mokweza, ndikuima pamfundo iliyonse. Bambo wina anakumbutsa kuti anatumidwa kukagula girisi, zimene apampando anaziiwaliratu. Tinaziwonjezera ndi cholembera, mpata uja tinaudzaza, anthu anavomereza, kenaka apampando anasaina.