Masiku awiri a C ndi masiku awiri a D si masiku anayi

M'phunziro la kayendetsedwe ka mapulojekiti tafika pa PERT, njira yowerengera nthawi imene pulojekiti ingatenge, ndipo ndaona kuti masamu ake si ovuta konse. Ndi kuphatikiza ndi kuchotsera basi. Chimene chimafuna mutu ndi kudziwa chimene manambalawo akunena akatuluka, makamaka nambala ya fuloti, mpata umene ntchito ili nawo woti ichedwe. Ndalemba pano mmene ndikuimvera nkhaniyi pogwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi chimene ndapanga ndekha.

PERT inayamba ku United States mu 1958, pamene asilikali a pamadzi a dzikolo ankapanga zida za Polaris. Ntchito zinali zochuluka kwambiri, makampani ogwira nawonso ambirimbiri, ndipo ankafuna kudziwa kuti ndi ntchito ziti zimene zikachedwa zichedwetsa zonse. Funso ndi lomwelo ngakhale pulojekiti ikhale yaing'ono.

Tiyerekeze kuti tikukonza chipinda cha makompyuta. Ntchito yoyamba, A, ndi kuyeza chipinda ndi kulemba zofunika, masiku 3. A ikangotha, ntchito zitatu zingathe kuyamba nthawi imodzi: B, kuitanitsa makompyuta mpaka afike, masiku 8; C, kuika mawaya a magetsi, masiku 4; ndi F, kuphunzitsa munthu amene adzayang'anire chipindacho, masiku 5. D ndi kupenta, masiku 2, ndipo imadikira C chifukwa oika mawaya amaboola makoma. E ndi kulumikiza makompyuta, masiku 3, ndipo singayambe makompyuta asanafike kapena penti isanathe, ndiye kuti imadikira B ndi D. Yomaliza ndi G, kuyesa ngati zonse zikuyenda, masiku 2, ndipo imadikira E ndi F.

Pa chithunzi, ntchito iliyonse ndi bokosi, ndipo muvi umachoka pa ntchito yoyenera kutha kupita pa imene ikuidikira.

```
A(3) --> B(8) ------------> E(3) --> G(2)
A(3) --> C(4) --> D(2) ---> E(3)
A(3) --> F(5) ---------------------> G(2)
```

Pano ndabwereza A, E ndi G kuti mizere iwerengeke, koma pa pepala iliyonse ndi bokosi limodzi lokha. Kutalika kwa muvi sikutanthauza kanthu. Muvi ukungonena kuti "uyu adikire uyu". Mabuku ena amaika ntchito pa muvi penipeni, tizizindikiro tozungulira n'kukhala poyambira ndi pothera, ndipo kumeneko nthawi zina pamafunika muvi wodukaduka wa masiku 0 wongosonyeza kudikira. Ine ndimakonda mabokosi chifukwa safuna zimenezo, koma mayankho amatuluka ofanana.

Ulendo woyamba ndi wopita kutsogolo, kuchokera ku A kukafika ku G. Tikufuna nthawi yoyambirira imene ntchito ingayambe, ES, ndi nthawi yoyambirira imene ingathe, EF. Ngati t ndi masiku a ntchitoyo:

```
EF = ES + t
```

A iyamba pa 0 n'kutha pa 3. B, C ndi F zonse ziyamba pa 3. B itha pa 11, C pa 7, F pa 8. D itenga 7 wa C uja n'kutha pa 9. Mpaka apa palibe choganiza. Pofika pa E mivi iwiri yakumana: B yabwera ndi 11, D yabwera ndi 9. Timatenga nambala yaikulu, 11. Chifukwa chake n'chapafupi: pa tsiku 9 chipinda chapentedwa, inde, koma mulibe kompyuta yoti munthu alumikize. Choncho E iyamba pa 11 n'kutha pa 14. Pa G zichitikanso chimodzimodzi, E yabwera ndi 14, F ndi 8, ndipo titenga 14. G itha pa 16. Pulojekiti yonse singathe masiku 16 asanakwane, ngakhale kuti mukaphatikiza masiku a ntchito zonse mupeza 27. Kusiyanako kwabwera chifukwa ntchito zina zikuyendera limodzi.

Kanthu kamodzi kosokoneza pa kawerengedwe ka masiku. Tikayamba pa 0, nambala 3 ikutanthauza kutha kwa tsiku lachitatu, komwenso ndi kuyamba kwa tsiku lachinayi. Alipo mabuku amene amayamba pa 1, ndipo iwo amalemba `EF = ES + t - 1`. Njira zonse ziwiri n'zolondola, kungoti osazisakaniza pa chithunzi chimodzi, apo ayi bokosi lililonse lidzalakwika ndi tsiku limodzi.

Ulendo wachiwiri ndi wobwerera. Tsopano funso lasintha: kodi ntchito iyi ingachedwe kufika pati popanda kukankha tsiku 16 lija? Nthawi yomalizira imene iyenera kukhala itatha ndi LF, ndipo yomalizira imene iyenera kukhala itayamba ndi LS.

```
LS = LF - t
```

G ipatsidwa LF ya 16, ndiye LS yake ndi 14. E iyenera kutha pofika 14, iyambe pofika 11. F nayo iyenera kutha pofika 14, chifukwa amene akuidikira ndi G yekha, ndiye ikhoza kuyamba ngakhale pa 9. B ndi D zonse zikudikiridwa ndi E, imene LS yake ndi 11. B ya masiku 8 iyenera kuyamba pa 3, D ya masiku 2 iyambe pofika 9. C iyenera kutha D isanafike pa LS yake, ndiye LF ya C ndi 9, LS ndi 5.

Pa A ndi pamene pafunika kusamala. Kuchokera pa bokosi limeneli mivi yatuluka itatu, ndipo pobwerera itibweretsera manambala atatu: 3 wa B, 5 wa C ndi 9 wa F. Apa timatenga yaing'ono, 3. A itati ithe pa 5, C sakanadandaula, F sakanadziwa n'komwe, koma makompyuta akanaitanitsidwa mochedwa ndi masiku awiri ndipo pulojekiti ikanatha pa 18. Sindiona chifukwa choloweza kuti "kutsogolo yaikulu, pobwerera yaing'ono". Popita, ntchito imadikira wochedwa kwambiri mwa amene ali kumbuyo kwake. Pobwerera, imamvera wofulumira kwambiri mwa amene ali patsogolo pake. LS ya A yatuluka 0, ndipo ichi ndi choyezera chabwino: ngati munayamba ulendo wobwerera ndi nambala imene munapeza popita, koma palibe ntchito yoyambirira imene yafika pa 0, penapake mwaphonya.

Fuloti ndi kusiyana kwa nthawi yomalizira ndi yoyambirira, `LS - ES`, kapena `LF - EF`. Ziwirizi ziyenera kufanana pa bokosi lililonse, ndipo zikasiyana ndiye kuti cholakwika chili m'bokosi lomwelo.

```
     t   ES  EF  LS  LF  LS-ES
A    3    0   3   0   3    0
B    8    3  11   3  11    0
C    4    3   7   5   9    2
D    2    7   9   9  11    2
E    3   11  14  11  14    0
F    5    3   8   9  14    6
G    2   14  16  14  16    0
```

A, B, E ndi G zilibe mpata uliwonse. Imeneyi ndiye njira yosalola kuchedwa, ndipo ndiyo yaitali kwambiri pa chithunzi chonse: 3, 8, 3 ndi 2 zikupanga 16. Tsiku limodzi likatayika pa njira imeneyi latayika pa pulojekiti yonse.

Tsopano yang'anani C ndi D. Tebulo likuti iliyonse ili ndi masiku 2. Munthu wowerenga mothamanga angauze woika mawaya kuti ali ndi masiku awiri opuma, n'kukauzanso wopenta zomwezo. Onse awiri akawagwiritsa ntchito, C itha pa 9, D iyamba pa 11 n'kutha pa 13, ndipo E imene inayenera kuyamba pa 11 yachedwa ndi masiku awiri. Pulojekiti yathera pa 18, koma aliyense akunena zoona kuti sanapitirire mpata umene anapatsidwa. Masiku awiriwo ndi amodzimodzi. Ali ngati ndalama za mu akaunti ya anthu awiri: aliyense akayang'ana amaziona zonse, koma mmodzi akatapa, mnzake atsala wopanda. Njira ya A, C, D kukafika pa E ndi ya masiku 9, ya A, B ndi ya masiku 11, ndipo kusiyana kumeneko ndiko gwero lokhalo la mpatawu. Ndi mpata wa njira, osati wa bokosi.

N'chifukwa chake pali fuloti ya mtundu wachiwiri, yaufulu, imene imafunsa kuti ntchito ingachedwe bwanji popanda kusuntha ngakhale ntchito yotsatira. Timaipeza pochotsa EF ya ntchitoyo pa ES yaing'ono kwambiri ya ntchito zotsatira. C imatha pa 7 ndipo D imayamba pa 7, ndiye C ilibe mpata waufulu: ikangochedwa, wopenta ayenera kuuzidwa kuti asinthe tsiku. D imatha pa 9 pamene E imayamba pa 11, ndiye ili ndi masiku 2 aufulu, bola C ikhale itasunga nthawi. F ili ndi 6 m'mitundu yonse iwiri chifukwa pa njira yake ili yokha.

Chithunzichi chimayankhanso funso la amene akufuna kuti ntchito ithe msanga. Kuwonjezera anthu opentera n'kutaya ndalama chabe, chifukwa chipinda chidzangokhala chikudikira makompyuta. Pofunika kufupikitsa ndi pa B. Koma tinene kuti tapeza wogulitsa wobweretsa makompyuta m'masiku 5 m'malo mwa 8. B itha pa 8, koma D ikutha pa 9, ndiye E iyamba pa 9 ndipo pulojekiti itha pa 14. Tadula masiku atatu, tapindula awiri. Tsiku lachitatulo talipira pachabe, popeza njira yosalola kuchedwa yasamukira ku A, C, D, E, G. Manambala aliwonse akasintha, maulendo awiri aja ayenera kubwerezedwa.

Nanga 8 wa B anachokera kuti? Apa ndi pamene PERT yeniyeni imasiyana ndi kungojambula mabokosi. Pa ntchito imene nthawi yake ndi yokayikitsa timayerekeza katatu: a, zonse zitayenda bwino, m, mmene zimakhalira kawirikawiri, b, zitavuta.

```
t = (a + 4m + b) / 6
```

Ngati makompyuta angafike m'masiku 6 zitayenda bwino, 7 mwa nthawi zonse, ndi 14 zitavuta, tipeza (6 + 28 + 14) / 6, yomwe ndi 8. Zikutanthauza kuti 16 wathu uja wakhala pa nambala imene ingatsike kufika 6 kapena kukwera kufika 14. Makompyuta akafika pa masiku 6, B itha pa 9, mofanana ndendende ndi D, ndipo mpata wa C ndi D watheratu. Pa chifukwa chimenechi njira ya fuloti yaing'ono ngati 2 sindiiona ngati yotetezeka. F ya 6 ndiyo ndingaisiye osaiyang'ana kawirikawiri.

Ngakhale F yomweyo ili ndi msampha umene chithunzi sichionetsa. Masamu onsewa akuganiza kuti ntchito zoyendera limodzi zili ndi anthu ake osiyana. Ngati katswiri woika mawaya ndi yemwenso akuphunzitsa woyang'anira chipinda, C ndi F sizingayambe zonse pa 3. Akayamba ndi C, F iyamba pa 7 n'kutha pa 12, ndipo pa mpata wake wa 6 patsala 2. Akayamba ndi F, C iyamba pa 8 pamene LS yake inali 5, ndipo pulojekiti yonse ithera pa 19.