Tsiku lonse pakati pa 0 ndi 1: mmene ndinamalizira asayimenti ya njira ya Newton

Asayimenti ija ndapereka, koma mtima sunatsikebe. Inu amene mukubwera m'mbuyomu, musanalembe kodi iliyonse jambulani girafu kaye.

Funso linali lopeza ruti ya f(x) = x³ − 2x + 2 pogwiritsa ntchito njira ya Newton-Raphson. Njirayo mukuidziwa: mumaima pa x yomwe mwaganizira, n'kujambula tanjenti, mzere wowongoka wokhudza girafu pamalopo, ndipo pomwe mzerewo wadula mzere wa x ndi pomwe mumakaima ulendo wotsatira. Ndiye kuti x yatsopano ndi x − f(x)/f′(x), ndipo pano f′(x) = 3x² − 2.

Chomwe chinandipsetsa mtima ndi ichi. Pepala lomwe tinapatsidwa linangoti sankhani poyambira, osachenjeza kanthu, ndipo chitsanzo cha kodi chimene chinali pamenepo chinalibe malire a maulendo obwereza. Aliyense amayamba ndi 0 poti ndi yosavuta. Makompyuta a mu labu anali odzaza, choncho ndinakalipira pa kafe ina ku Ginnery Corner, komwe amawerengera pa ola. Pulogalamu inangoti zii, osatulutsa yankho, osanenanso kuti yalakwa. Ndinayang'ana mzere uliwonse wa kodi, ndinasintha kompyuta, ndalama ya minibasi yobwerera ku Ndirande inathera pomwepo. Kodiyo inalibe vuto.

Werengani pamanja muone. Pa x = 0, f ndi 2 ndipo f′ ndi −2, tanjenti ikukutumizani pa 1. Pa x = 1, f ndi 1 ndipo f′ ndi 1, tanjenti ikukubwezerani pa 0. Basi, muzingozungulira mpaka kalekale. Mnzanga wina anati, "Aise, ingosuntha pang'ono, yamba ndi 0.1." Sizithandiza. Kuchoka pa 0.1 mumafika cha pa 1.014, kenako 0.08, ndipo mumakokedwa kubwerera m'kuzungulira komweko. Chifukwa chake n'chakuti chakumanjaku girafu ili ndi chigwa pa x pafupifupi 0.816, ndipo pansi pa chigwacho sipafika pa ziro. Kulibe ruti kumeneko. Ruti ili kumanzere, kuseri kwa chitunda.

Ndikunenanso, jambulani girafu. Ngakhale kungoyesa manambala awiri kukanakwana: f(−2) = −2 ndipo f(−1) = 3. Chizindikiro chasintha, ndiye ruti ili pakati pawo. Kuyambira pa −2 ndinapeza −1.8, kenako −1.76995, kenako −1.769293, pamene ruti yeniyeni ndi −1.769292.

Apa m'pamene panali malikisi ambiri, pofotokoza mmene kuphonya kumachepera. Mtunda wotsala kuti mufike pa ruti unayenda chonchi: 0.23, 0.031, 0.00066, 0.0000003. Ulendo uliwonse kuphonya kwatsopano kumakhala pafupifupi kuphonya kwakale kuchulukitsa ndi iko komwe, n'kuchulukitsanso ndi f″/(2f′) ya pa ruti, yomwe kukula kwake pano ndi cha m'ma 0.72. Yesani: 0.031 × 0.031 × 0.72 ikupereka pafupifupi 0.0007. N'chifukwa chake manambala olondola amawirikiza kawiri pa ulendo uliwonse. Koma lonjezo limeneli limagwira ntchito pokhapokha muli kale pafupi ndi ruti, komanso f′ pa rutiyo isakhale ziro. Mukakhala kutali, njirayi sikulonjezani chilichonse.

Ndaiwala kunena za 0.816 ija. Pamenepo f′ ndi ziro, tanjenti yagona, sidula mzere wa x. Mukaima pafupi napo mukugawa ndi kanambala kakang'ono kwambiri, ndipo x imaponyedwa kutali. Mukaona nambala yalumpha mwadzidzidzi, yang'anani f′ kaye.

Kodi yomwe ndinapereka ndi iyi:

```python
x = -2.0
for n in range(50):
    d = 3*x**2 - 2
    if abs(d) < 1e-12: break
    h = (x**3 - 2*x + 2) / d
    x -= h
    print(n, x)
    if abs(h) < 1e-8: break
```

`range(50)` ndi `print` ndi zimene zikanapulumutsa ndalama yanga, chifukwa 1, 0, 1, 0 zikanaoneka pa sikirini nthawi yomweyo. Sindikumvetsa chifukwa chake chitsanzo chopatsa ophunzira chingasowe zinthu ziwirizi.

Gawo lomaliza la pepalalo lili ndi (x − 1)². Njirayi ikafika pa ruti pang'onopang'ono musaganize kuti mwalakwitsa. Ruti yake ndi yobwereza, f′ ndi ziro pomwepo, choncho kuphonya kumangochepa ndi theka: kuyambira pa 2 mupeza 1.5, 1.25, 1.125. Chulukitsani f/f′ ndi 2 ndipo mufika pa 1 ulendo umodzi wokha. Lembani njira zonse ziwiri patebulo, chifukwa ochonga amafuna aone kusiyana kwake.