Lichero linagwera pa denga langa

Kalembedwe kosakaniza zamatsenga ndi za tsiku ndi tsiku, komwe kanatchuka ndi olemba a ku Latin America m'zaka za m'ma 1960, kali ndi lamulo limodzi lalikulu: wofotokoza nkhani asadabwe. Chinthu chosatheka uchinene ndi mawu omwe umanenera mtengo wa tomato, kenako uchimangirire ku zinthu zogwirika, monga nthawi ndi muyeso. Ukangolemba kuti "anthu anagwira pakamwa", basi, yasanduka nthano ya agogo.

Ine lamuloli ndinalitsata bwino lomwe. Ndinalemba kuti usiku, cha m'ma 2 koloko, lichero lochokera ku Nsanje linatha mafuta n'kugwera pa denga langa ku Ndirande. Linapinda malata atatu a geji 28, a mafiti 10, n'kuzula misomali ya m'mphepete. Woyendetsa anatsika, anapepesa, anapempha madzi akumwa ndi chitenje. Pofuna kuti nkhani iime pansi, ndinawonjezera chiganizo chimodzi wamba: kutacha ndinapita kuchipatala ndi mutu, ndipo mankhwala onse amene adokotala analemba ndinawapeza pawindo pomwepo.

Nkhaniyo ndinaitumiza pa gulu la WhatsApp la m'dera lathu.

M'mawa ndinadzidzimuka ndi phokoso la makwerero. Alandilodi ali padenga, tepi m'manja.

"Aphunzitsi, mwati atatu? Ine ndikuona opindika asanu."

"Bambo, ija ndi nkhani yopeka. Malatawo anapindika ndi mphepo ya chaka chatha, ndinakuuzani."

"Ndiye bwanji munalemba geji? Munthu wonama sadziwa geji."

Pansi anthu anali atadzaza kale, koma palibe amene ankafunsa ngati lichero limauluka. Mkangano unali pa mtunda. Bambo wina wa kabaza ankati kuchoka ku Nsanje sungadutse Thabwa osaima, kukwera mapiri aja kumadya mafuta. Mayi wogulitsa mandasi anangodandaula za chitenje, ati zoterezi sabweza.

Amfumu a m'dera anandikokera pambali n'kundiyamikira kuti sindinatchule dzina la woyendetsa. Apa ankanena zoona: lamulo la zaufiti la 1911 likadalipo, ndipo limalanga amene wanena mnzake kuti ndi mfiti. Boma limati lichero siliuluka, anthu amati limauluka, ndipo mbali zonsezi zimakhala mwa munthu mmodzi osakankhana. Amfumu omwewo anandilangiza kuti ndiwaze mchere padenga.

Nditafika kusukulu, aphunzitsi anzanga anali atawerenga kale. Mayi wina wa Sitandade 6 anavula magalasi n'kundiyang'ana mwachifundo.

"Achimwene, nkhani yanu munaiyamba bwino. Koma mwaiwononga ndi bodza."

"La lichero?"

"Ayi, lichero lili bwinobwino. Mankhwala onse? Pawindo? Tsiku lomwelo? Musamatiyese ana."

Alandilodi anawonjezera ndalama ya malata asanu pa lendi, kuti ndizilipira pang'onopang'ono mpaka Disembala. Misomali anandikhululukira, ati si ine ndinkayendetsa.