Kuchotsa baji ya galimoto ndi ulusi wowedzera nsomba

Baji monga ya dzina la Sienta ku chitseko cha kumbuyo imagwira ndi tepi ya siponji yomata mbali zonse ziwiri. Ndikamaichotsa sindikoka bajiyo ayi, ndimadula siponjiyo pakati. Koma ndisanayambe ndimaonetsetsa kuti ilibe timiyendo, chifukwa zizindikiro zina, makamaka zazikulu zapakati, zili ndi timiyendo tapulasitiki tolowa m'mabowo a chitsulo. Mukachotsa zoterozo mutsala ndi mabowo olowetsa madzi.

Ndimatsuka malowo ndi sopo kaye. Fumbi la Mzuzu likatsalira m'mphepete mwa baji, ulusi umalikhukhuza pa penti n'kusiya mizere. Pakauma ndimamata tepi ya pepala mozungulira.

Ulusi ndimatenga wa nayiloni, wonenepa pafupifupi mamilimita 0.4, wautali masentimita 60. Nsonga zake ndimakulunga pa timitengo tiwiri, chifukwa pa zala umacheka khungu.

Kenako kutenthetsa, ndipo apa m'pamene pagona ntchito yonse. Ndimagwiritsa ntchito makina owumitsira tsitsi, ndikuwagwira masentimita 15 kuchokera pa penti, n'kumawayendetsa uku ndi uku kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Muyeso wake ndi dzanja: chitsulo chizitentha koma muzitha kuchigwira osapsa. Mukaimika moto malo amodzi, baji imapindika ndipo penti imatha kutupa. M'mawa wa mu Juni kapena Julayi kuno chitsulo chimazizira msanga, choncho ndimatenthetsa chilembo chimodzi, n'kudula, kenako chinzake. Magetsi akazima, imikani galimoto padzuwa masana kapena thirani madzi otentha osafika powira.

Ndimalowetsa ulusi kuseri kwa ngodya ya chilembo n'kumakoka mbali iyi, mbali iyo, monga mochekera thabwa. Manja azikokera pang'ono kwa inu, kuti ulusi uzikhudza msana wa baji osati penti. Ukayamba kulimba, guluu wazizira, tenthetsaninso. Ukaima nji pamalo amodzi ngakhale pali potentha, mwagunda kamwendo. Lekani pomwepo, musakakamize, ndipo sikuludiraiva isayandikire n'komwe.

Baji ikachoka pamatsala siponji. Ndimaitenthetsa pang'ono n'kumaikunkhuniza ndi chala chachikulu mpaka ichoke ngati timipira. Guluu wotsala ndimamunyowetsa ndi kansalu ka palafini, kudikira mphindi ziwiri, n'kupukuta, kenako kutsukanso ndi sopo. Thina ayi, amadya penti.

Sitika yopyapyala siilola ulusi. Imeneyo itenthetseni, tukulani ngodya ndi chikhadabo, muzikoka pang'onopang'ono moigonekera kumbuyo. Ikakhala mkati mwa galasi la kumbuyo musapale ndi lezala, mudula timizere tochotsa nthunzi.

Mungaone chithunzi cha zilembo chitatsala pa penti. Ngati ndi litsiro la m'mphepete, polishi amachotsa. Koma ngati penti yozungulira inasuluka ndi dzuwa, polishi amangochepetsa, ndipo pa galimoto yofiira chimaonekabe.