Hafu seveni ya kuno

Mng'ono wanga wandiimbira foni akulira. Wangoyamba kumene kuphunzira unamwino kuno ku Leipzig, m'dziko la Germany, ndipo dzulo abwana ake anamuuza kuti afike "halb sieben". Iye wafika 7:30, wapeza anzake atayamba ntchito kalekale, ndipo wadzudzulidwa pamaso pa onse.

"Achemwali, kodi imeneyo si hafu seveni?"

Mtima wanga sunakhazikike mpaka pano, chifukwa mwanayu si waulesi. Kwathu tikati hafu seveni, ndiye kuti seveni yakwana kale ndipo padutsa mphindi 30. Mjeremani amayang'ana ola limene likubwera. Akati "halb sieben" akunena kuti tili pakati pa ulendo wopita ku seveni, seveniyo sinakwane, choncho nthawi ndi 6:30. Nthawi imene iye wafikayo, 7:30, amati "halb acht". Ndamuuza kuti akangomva "halb", nambala yotsatirayo azichotsapo imodzi.

Kenako wandifunsa za mawu amene anamva mnzake akunena, "fünf vor halb sieben". Apa hafuyo ndi imene amawerengerapo: kwatsala mphindi zisanu kuti ikwane 6:30, ndiye kuti 6:25. Ikadutsa ndi mphindi zisanu amati "fünf nach halb sieben", 6:35.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti Ajeremani eni ake sanena mofanana. Munthu wa ku Hamburg akafuna kunena 6:15 amati "Viertel nach sechs", pomwe wa kuno ku Leipzig amati "viertel sieben". Ndipo 6:45, imene uko amati "Viertel vor sieben", kuno ndi "dreiviertel sieben". Taonani msampha wake: "viertel sieben" ndi "Viertel nach sieben" zimasiyana ndi kaliwu kamodzi, koma pa wotchi zimasiyana ndi ola lathunthu. Ajeremani ena ochokera kumpoto nawonso amasokonezeka nazo akabwera kuno. Nanga mtsikana amene wangobwera kumene?

Ndamulangiza kuti asamachite manyazi kubwereza nthawiyo mmene amalengezera pa siteshoni ya sitima, ola kaye kenako mphindi: "Sechs Uhr dreißig?" Akatero abwanawo avomera kapena amukonza pomwepo. Koma atchere khutu, chifukwa manambala awo amayamba ndi yakumapeto. Mu "fünfundzwanzig" umayamba kumva faifi, koma nambalayo ndi 25. Munthu akalemba mothamanga motsatira khutu, amalemba 52. Kwa namwino amene mawa azidzalemba milingo ya mankhwala, zimenezi zimandiopsa kuposa kuchedwa.

Masiku okha ndiye sanamuvute. Mayeso ake alembedwa 12.11., tsiku patsogolo mwezi pambuyo ngati kwathu, ndipo amanena kuti "am zwölften elften".

Mawa akuti afike "dreiviertel sieben". Wandiyankha bwinobwino kuti 6:45. Koma akuti sakufunanso kuonana ndi abwanawo, ndipo mauthenga anga awiri omaliza sanayankhe.