Memo yanga, alamu anga ndi R71 997

Loweruka lililonse ndimaphunzitsa masamu ana a Amalawi anzanga mu garaja ina ku Rosettenville kuno ku Joni, ana a giredi 11, kaganyu kongoonjezera pa renti basi. Mwezi wathawu ndinati aa ana awa ndiwapatse kamayeso, ndipo kuti achite khama ndinalengeza kuti wopambana alandira kakyuleta yatsopano. Garajayo ndi ya mayi ena a ku Nkhotakota amenenso ndimachita renti kuseri kwa nyumba yawo, ndipo mwana wawo wamkazi ali m'kalasi momwemo. Musaiwale pamenepo.

Funso lomwe linandipalamulira ndi ili. Munthu waika R5 000 ku banki, chiwongoladzanja 12% pachaka koma amachiphatikiza mwezi ndi mwezi. Patatha chaka chimodzi watapako R1 000, kenako zotsalazo zakhalanso chaka china. Ali ndi zingati pamapeto? Malikisi 6.

Ndinakhala pansi usiku nkulisova ndekha, sitepe iliyonse nkuipatsa malikisi ake, ndipo memo, pepala la mayankho lochongera mayeso, inatuluka chonchi:

```
i = 0,12/12 = 0,01           A
n = 12                       A
5 000(1,01)^12 = 5 634,13    M
5 634,13 - 1 000 = 4 634,13  M
4 634,13(1,01)^12            M
= 5 221,85                   CA
```

Kwa amene munasiya masamu kalekale, i ndi chiwongoladzanja cha pamwezi, n ndi kuchuluka kwa miyezi. M ndi malikisi a njira, kuti mwana wadziwa chochita ngakhale nambala zitamuthawa. A ndi oti nambalayo ikhale yolondola ndendende, palibe zokambirana. Kwathu tinazolowera M1 ndi A1, koma kuno ma memo a matiriki, mayeso omaliza sekondale, ali ndinso CA, kutanthauza kuti mwana akalakwitsa pamwamba koma nambala yake yolakwikayo nkuyenda nayo bwinobwino mpaka pansi, umamulanda malikisi pamalo pomwe walakwitsapo pokha, osati kumulanga kanayi pa tchimo limodzi. Komanso kuno amalemba kakoma pomwe ife timaika kadontho, ndiye musaganize kuti chala chaterereka pa foni.

Vuto linali nthawi. Sabata imeneyo kuntchito kunali kothina, ndiye ndinapempha alamu anga, achimwene awo a madamu, kuti andichongere mapepala. Iwowa ndi mlonda pa geti ya mafulati ena ku Turffontein, usiku wonse amangokhala, ndipo anakhoza MSCE bwinobwino, nkhani imene satopa kuinena. Ndinawapatsa memo, cholembera chofiira ndi kakyuleta yanga, nkuwauza zinthu ziwiri. Choyamba, chimene chili pa memo mukachiona pa pepala la mwana chongani, simukuchiona musachonge. Chachiwiri, mwana akalakwitsa nambala musamuphe, itsatireni nambala yakeyo pa kakyuleta muone ngati wayenda nayo bwino. Anati "Alamu, zimenezi nzazing'ono, ine ndimawerenga magalimoto usiku wonse."

Ndipo anthu inu, alamu anatsatira malamulo awiriwo kuposa mmene ndinkafunira.

Loweruka lotsatira ndinangophatikiza malikisi osayang'ana mkati, ndinali pa changu, nkupereka kakyuleta kwa mnyamata wina amene amakhala kumbuyo pafupi ndi mulu wa matayala. Ana anaomba m'manja koma mwamphwayi, mnyamatayo nayenso nkhope yake imaoneka yodabwa. Mtsikana wa eni nyumba, amene aliyense amadziwa kuti ndi dolo, anatsalira ndi malikisi awiri okha. Sanayankhule, anangopinda pepala nkulowa m'nyumba.

Madzulo ndikuti ndiyambe kudya nsima, gogogo pachitseko. Mayi aja, mapepala awiri m'manja, la mwana wawo ndi la mnyamata uja, kaya analitenga bwanji.

"Aphunzitsi, pepani mukudya, ine sukulu sindinapite patali, ndiye mundithandize. Yankho la funso ili ndi chani?"

Ndinati R5 221,85 mayi.

"Mwana wanga walemba chani?"

Ndinayang'ana. R5 221,85. Pambali pake, ndi inki yofiira ya alamu, 2/6.

"Nanga uyu?"

R71 997,17. Pambali pake 5/6, ndi kamawu koti wayesetsa.

Nsima ija inandiima pakhosi. Mayi anapitiriza mwaulemu womwe uja woopsa, "Ndiye kuti kusukulu kwanuko wopeza zoona amalandira 2, wonama ndiye 5? Chifukwa ngati ndi choncho renti ya mwezi uno inenso ndingolemba nambala ina iliyonse, mundipatse." Madamu anali atalowa kale kuchipinda, ndimangomva bedi ikugwedezeka ndi kuseka.

Tinakhala pa tebulo nkuyamba ndi pepala la mnyamata. Iyeyu anaiwala kugawa 12% ija ndi miyezi 12, ndiye banki yake imapereka 12% mwezi uliwonse. Analemba 5 000(1,12)^12 nkupeza 19 479,88, nkuchotsa 1 000 kutsala 18 479,88, nkuchulukitsanso ndi (1,12)^12 mpaka kufika pa 71 997,17 uja. Tsono taonani bwino, fomula ndi yolondola, n ndi 12, R1 000 waichotsa pa nthawi yake, chaka chachiwiri wachiwerengera, kakyuleta wadina bwino. Cholakwa ndi chimodzi, i, ndipo i pa memo yanga ndi malikisi amodzi. Alamu sanabere aliyense. Ndinayesa kuwafotokozera mayi kuti mwanayo zinthu zisanu mwa zisanu ndi chimodzi akuzidziwa, iwo anati "Akudziwa chani munthu woika 5 sauzande nkuyembekeza 71 sauzande, ameneyu akakula adzamudyera anthu a mapiramidi." Pamenepo sindinatsutse. Koma 5 wakeyo ine ndimuikirabe kumbuyo mpaka lero, kungoti pambali pafunika kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti yankho lako uziliyang'ana ngati likumveka.

Kenako pepala la mtsikana. Mzere umodzi wokha, woyera bwino: 5 000(1,01)^24 − 1 000(1,01)^12 = 5 221,85. Iyeyu anaganiza mwina. Anati R5 000 ija ikanakhala osaigwira miyezi 24 ikanafika 6 348,67, ndipo R1 000 yotapidwayo ikanakhala miyezi 12 yotsalayo ikanakula kufika 1 126,83, ndiye ungochotsa chachiwiri pa choyamba, kakyuleta ikusunga manambala onse akumapeto. Njira yolondola kwathunthu, yachidule kuposa yanga, ndipo kunena zoona yokongola. Koma alamu pa geti paja anasaka 0,01 osamupeza chifukwa wabisala mkati mwa 1,01, anasaka 5 634,13 kulibe, 4 634,13 kulibe, mzere wachisanu kulibe. Anapeza 12 ndi yankho basi. Ndiye 2.

Ndinawaimbira foni pompo mayi akumva. "Alamu, mwana wapeza yankho lenileni, simunadabwe?" Anati "Ndinadabwa kwambiri alamu, mpaka ndinaganiza kuti waonera. Koma inu munati chimene sindikuchiona ndisachonge. Pa geti pano munthu amene dzina lake palibe pa pepala salowa, kaya akhale mwini fulati."

Memo ija imaoneka ngati ikupereka malikisi pa njira, zilembo M zili mbwee, koma M aliyense ndinamumangirira pa nambala ya njira yanga. Wochonga amene sakuona chimene chili m'mutu mwako amasaka nambalayo. Mzere wachinayi umayenera kunena kuti kuchotsa R1 000 pakutha pa chaka choyamba, mwanjira ina iliyonse yolondola, nambala nkungoiika pambali ngati chitsanzo. Ndipo pa mzere woyamba pamafunika kamawu koti ukaona 1,01 ndiye kuti i wapezeka, chonga.

Usiku womwewo mayi atakhala pompo ngati invijileta ndinalemba memo yachiwiri pansi pa yoyamba, nkulemba KAPENA pakati. Njira ya mtsikanayo nayo inalandira malikisi 6 ake: amodzi pa 1,01, amodzi pa 24, amodzi pa 12, amodzi pa kukulitsa 5 000, amodzi pa kuchotsa 1 000 yokulitsidwa, amodzi pa yankho. Njira zonse ziyenera kukwana 6 yemweyo, ndipo malikisi azigwera pa maganizo ofanana, apo ayi mwana amalangidwa chifukwa chosankha msewu wina wopita kumudzi komweko.

Poti ndinali nditayamba kale, ndinatsegula mapepala ena onse, ndipo munatuluka zina. Mwana wina analemba 5 000 × 1,12 = 5 600, kuchotsa 1 000 kutsala 4 600, kuchulukitsanso ndi 1,12 kupeza 5 152. Alamu anampatsa 4, ati wayenda bwino ndi nambala zake. Apa ndiye pamene CA imathera. Mnyamata wa 71 sauzande uja analakwitsa koma ntchito yake inakhala yolemera chimodzimodzi, pamene uyu nkhani yonse ya mwezi ndi mwezi, yomwe ndi mtima wa funsolo, waitaya, watsala ndi samu ya ku pulayimale. Kulakwitsa kukapeputsa funso chonchi sungapitirize kumupatsa malikisi ngati palibe chachitika. Ndinalemba pa memo kuti wophatikiza pachaka asapitirire 2, amodzi pochotsa R1 000 pa nthawi yake, ena pokulitsanso zotsalazo.

Wina anafupikitsa (1,01)^12 msanga, m'malo mwa 1,126825 nkulemba 1,13, ndiye anapeza 5 650, kenako 4 650, kenako 5 254,50. Kusiyana kwa R32 ndi masenti. Uyu ndinamulanda amodzi okha a yankho. Ndipo panali katswiri wina amene anangolemba 5 221,85 popanda chilichonse pamwamba, amakhala moyandikana ndi mtsikana uja, mwangozi ndithu. Memo inalibe mawu pa za yankho lokha, alamu anampatsa 1, ine ndinasiya choncho nkulemba lamulolo kuti ulendo wina lidzakhale pamwamba pa pepala la mafunso ana alione asanayambe.

Titaphatikizanso, mtsikana anakwera ndi 4 nkumudutsa mnyamata uja ndi malikisi awiri. Mayi anaimirira, anakonza chitenje, anati "Zikomo aphunzitsi, kakyuleta tidzailandira Loweruka, ana onse akuona."

Mmawa mwake ndinapita kwa mnyamata uja kuti mwina tikambirane. Ndinapeza kakyuleta ija atailemba kale dzina lake kumbuyo ndi msomali, mozama. Ndinakwera tekisi kupita m'tauni kukagula ina ndi ndalama ya ndiwo, madamu akundiwerengera chenji pa WhatsApp, alamu nawonso akutumiza uthenga kufunsa ngati ya ganyu yochonga ija ilipobe poti iwo mbali yawo anagwira molondola. Ndili pa mzere ku Bree kudikira tekisi yobwerera, foni inalira, bambo ake a mnyamata uja. Ndinati basi, nawonso akufuna mlandu. Koma anayankhula motsitsa mawu, "Aphunzitsi, ndaona pepala la mwanayu, mwachonga ndithu. Tandiuzani mwachinsinsi, banki imeneyi ndi iti? Ndili ndi ka 5 sauzande kangokhala."