Mzere umodzi wa `free -h` umene ndinkauwerenga molakwika

Kwa milungu iwiri ndinkangosinthasintha pakati pa Windows 10 ndi Lubuntu, mtundu wina wa Linux, pa laputopu yanga yakale, imene ili ndi memore ya 2 GB ndi disiki yozungulira ija, koma sindinkadziwa chimene ndinkayerekeza kwenikweni. Za Windows 11 sindinaziganizire n'komwe chifukwa imafuna 4 GB, ndipo Windows 10 inasiya kulandira zokonza za chitetezo zanthawi zonse pa 14 Okotobala 2025.

Nditaika Lubuntu ndinalemba `free -h`, lamulo loonetsa memore imene ikugwira ntchito ndi yotsala, ndipo nditaona kuti pansi pa `free` patsala pang'ono chabe, ndinagwa ulesi poganiza kuti Linux nayonso ndi yadyera. Usiku wa dzulo m'pamene zinandilowa m'mutu kuti ndinkayang'ana malo olakwika. Linux siisiya memore ili chikhalire, koma imasungamo mafayilo amene yawerenga posachedwa, omwe amaoneka pansi pa `buff/cache`, ndipo pulogalamu ikafuna malo, imabweza ambiri mwa malowo nthawi yomweyo. Nambala yoyenera kuikhulupirira ndi ya `available`. Pa makina anga, ndisanatsegule chilichonse, inali pafupifupi 1.3 GB, pamene pa Windows, Task Manager inkasonyeza zosakwana 600 MB. Kusiyana kumeneku ndi malo amene bulawuza imapumiramo isanayambe kukankhidwira ku `swap`, malo a pa disiki amene amalandira zimene zalephera kukwana m'memore.

Kuuma kwa kompyuta kumayambira pomwepo. Memore ikadzaza, zotsala zimalembedwa pa disiki, imene ndi yochedwa kwambiri, ndipo chizindikiro chake ndi kanyali ka disiki kamene kamayaka osazima, uku kamuvi kakudumphadumpha pa sikirini. Mukalemba `vmstat 1` n'kuona manambala a `si` ndi `so`, amene amaonetsa zochoka ku `swap` ndi zopita kumeneko, akungokwera, dziwani kuti vuto si purosesa.

Chimene chandikondweretsa koposa ndi zram, imene imapanikiza zotsalazo n'kuzisunga m'memore momwemo m'malo mozitumiza ku disiki. Lamulo loyambali ndi loiikira, ndipo lachiwirili limaonetsa ngati yayamba kugwira ntchito.

```
sudo apt install zram-tools
swapon --show
```

Kuyambira pamenepo ndimatsegula matabu asanu ndi limodzi a Firefox popanda kuuma, ndipo ndikuona ngati zram ingathandizenso malaputopu ena akale a memore yochepa.

Chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anangonena kuti Linux ndi yopepuka, n'kupitirira ku mutu wina, osatiuza chimene chimapepukacho. Akanatenga mphindi zisanu kutisonyeza mzere umodziwo, milungu iwiri ija sikanapita pachabe pamene mayeso ali pafupi.

Komabe mtima sunakhazikike kotheratu. Tsamba lolemera la pa intaneti limadya memore yofanana pa Windows ndi pa Linux, ndipo lipoti limene ndinalemba mu LibreOffice linasokonekera matebulo litatsegulidwa mu Word. Mwina kuwonjezera memore kufika 4 GB kukanathetsa zambiri kuposa zonsezi, koma sindinatsegule kunsi kwa laputopuyo kuti ndione ngati kuli malo oikapo ina.